Achimwene akufuna ndiwasainire kalata ya mphamvu kuti andigulire puloti ku Area 25, ndisaine?

Bambo a Tadala: Abale anga, ndithandizeni nzeru musanagone. Ndakhala kuno ku Joni zaka 9, ndimawotcherera mageti ku Booysens. Chaka chino ndati ndigule malo kumudzi. Achimwene anga aakulu, amene ali ku Lilongwe, apeza puloti ku Area 25, kumbuyo kwake kuli kanyumba ka zipinda ziwiri. Mwini wake akuti K22 miliyoni, ndipo akuti malowo ali ndi lizi. Mwezi watha ndinatumiza K5 miliyoni ya dipoziti kuti asagulitse kwa wina. Dzulo achimwene anditumizira pepala pa foni, akuti ndi pawa ofu atone, kalata yowapatsa mphamvu yondisainira zonse kumeneko. Akuti ndisaine, ndikadinditse kupolisi, nditumize pa basi ya Lachisanu. Kupita ndekha sindingathe, nkhani ya mapepala mukuidziwa, ndikadutsa pa Beitbridge kubwerera kudzandivuta. Achimwenewa ndi amene anandilera bambo atamwalira, sindikuwakayikira ayi. Koma pepalali ndi masamba atatu a Chingerezi cha maloya, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Ankolo a ku Mayfair: Sainani achimwene, musachedwetse zinthu. Ine ndinachita chimodzimodzi ku Mangochi, ndinapita pa polisi, anadinda, ndinapereka kwa kondakitala pa Park Station, basi. Lero nyumba ilipo, muli alendi. Ndipo kalata imeneyo ndiyo chitetezo chanu, chifukwa imaonetsa kuti munthuyo ndi wotumidwa chabe. Amene amalira ndi aja amangotumiza ndalama popanda pepala lililonse.

Anaphiri: Bambo a Tadala, musasaine kaye. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya ku Blantyre ndisanabwere kuno, ndipo mapepala a malo ndi amene ndinkayenda nawo tsiku ndi tsiku. Ndiyankheni zitatu izi. Choyamba, pa pepala limene analemberana popereka K5 miliyoni ija, pa malo a wogula palembedwa dzina la ndani? Chachiwiri, m'kalata imene akutumizirani muli nambala ya pulotiyo, kapena ikungoti malo alionse ndi katundu aliyense? Chachitatu, fufuzani ngati muli mawu onena za kugulitsa, kubwereketsa kapena kupereka malo ngati chikole cha ngongole. Ngati Chingerezi chake chikuvuta, jambulani masambawo mubise maina, munditumizire kumbali.

Bambo a Tadala: Amayi, ndatumiza. Pa pepala la dipoziti pali dzina la achimwene, la ine palibe. Anati anachita dala chifukwa mwini malo akadamva kuti wogula ali ku Joni akadakweza mtengo.

Mbewe: Pamenepo achimwene anu sananame. Ine ndisanabwere kuno ndinagulirapo achemwali anga a ku Ulaya malo ku Chigumula. Tsiku limene wogulitsa anamva mawu oti kunja, mtengo unasintha tili chikhalire pa khonde pomwepo. Ndiye kubisa dzina poyamba ndi nzeru ndithu.

Anaphiri: Kubisa dzina pokambirana mtengo palibe vuto, a Mbewe. Vuto ndi kulibisa pa pepala. Mtengo mukagwirizana, dzina la mwini ndalama liyenera kulowa pa agirimenti tsiku lomwelo.

Bambo a Tadala, ndawerenga masamba onse atatu. Sindikunena kuti achimwene anu ali ndi cholinga choipa. Kalata ngati iyi anthu amangoikopera kwa mnzawo kapena pa malo otaipira makalata, nthawi zambiri wotumizayo sanaiwerenge n'komwe. Koma zimene ikunena ndi izi. Ikuwapatsa mphamvu yogula, yogulitsa, yobwereketsa ndi yoika pa chikole malo anu alionse m'Malawi. Ikuwalolanso kutsegula ndi kuyendetsa akaunti ya kubanki m'dzina lanu, ndiponso kusankha munthu wina woti agwiritse ntchito mphamvu zomwezo m'malo mwawo. Nambala ya puloti mulibe, mtengo mulibe, tsiku loti ithe mphamvu mulibe.

Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale malowo atalowa m'dzina lanu bwinobwino, munthu amene wagwira kalatayi angathe kupita nayo kubanki chaka chamawa, n'kutenga ngongole, n'kusaina kuti pulotiyo ndiye chikole. Siginecha yakeyo, pamaso pa lamulo, ndi yanu. Ngongole ikalephereka banki idzagulitsa malo anu, ndipo simungakauze banki kuti simunadziwe, chifukwa idzakuonetsani pepala limene munasaina nokha. Mungathe kumusumira amene munamutumayo, inde, chifukwa wotumidwa saloledwa kudzipindulitsa ndi mphamvu imene wapatsidwa. Koma pamenepo malo apita kale, ndipo amene mukumusumirayo ndi mbale wanu amene ndalamazo alibenso.

Ankolo, mwanena zoona kuti kalatayi imaonetsa kuti munthu ndi wotumidwa. Koma imateteza kwambiri amene akuchita malonda ndi wotumidwayo kuposa amene wamutuma. Kwa Bambo a Tadala pano, sikuthandiza kanthu pa K5 miliyoni ija, chifukwa pa pepala lija achimwene anasaina ngati wogula iwo eni, osati ngati woimira munthu.

Nachisale: Ndimati ndingowerenga koma ndalephera kupirira. Bambo a Tadala, mverani zimene zinandichitikira ine. Alongo anga anali munthu wabwino, sanandibere ngakhale tambala. Ndinkagwira ntchito m'nyumba ku Randburg, mwezi uliwonse ndinkawatumizira kudzera kwa matransipota, nthawi zina ndalama ndinkazikulunga mu sokosi n'kuika pakati pa zovala za ana. Anagula malo ku Lunzu, amfumu analemba kalata, dzina linali lawo chifukwa ndi amene anali pamalopo. Tinamanga mpaka kufolera, malata 34 ndinagula ine. Alongo anga ankalemba zonse mu kabuku ka sukulu ka chikuto chofiirira, simenti matumba angati, amisiri alandira zingati.

Mu 2021 anadwala sabata imodzi n'kumwalira. Nditafika kumaliro, alamu anga anandilandira bwino. Patapita miyezi itatu ndinatchula za nyumba, anandiyankha kuti, achemwali, nyumba imeneyi ndi ya ana, bambo awo anawasiyira. Kabuku kaja sikanapezekenso. Kwa amfumu anatulutsa buku lawo, muli dzina la alongo anga. Loya amene ndinamufunsa anandiuza kuti katundu amene ali m'dzina la womwalira amayamba wapita kwa mkazi ndi ana, ndipo kuti ine ndiyenera kubweretsa umboni woti ndalama zinali zanga. Umboni wanga unali matransipota amene ena sindikudziwa kumene ali. Ndikanasuma ndikanakhala ndikulimbana ndi ana amasiye a mlongo wanga yemwe. Ndinasiya. Mpaka lero sindidziwa ngati alamu ankadziwa zoona zake kapena alongo anga sanawauzepo.

Ndiye musamangofunsa kuti achimwene anga ndi okhulupirika kodi. Dzifunseni kuti Mulungu atawatenga mawa, akazi awo ndi ana awo adzapeza pepala lonena chiyani.

Mayi a Chisomo: Pepani achemwali, zandikhudza kwambiri. Ambiri tikuyenda mumsewu womwewo osadziwa.

Anaphiri: Pepani Nachisale. Loyayo anakuuzani zoona. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linabwera kudzateteza akazi amasiye ndi ana kwa achibale olanda katundu, ndipo linachita bwino. Koma zikutanthauza kuti iwe mlongo wa malemu ukabwera n'kunena kuti nyumba ndi yanga, ukuoneka ngati mmodzi mwa olanda aja, pokhapokha utaonetsa umboni. Khoti limatha kugamula kuti amene dzina lake lili pa pepala ankangosungira mwini ndalama, zimachitika ndithu. Koma limafuna kuona njira imene ndalama inayenda, kuchokera m'thumba mwako mpaka kwa wogulitsa.

Mnyamata wa ku Cosmo City: Akuluakulu, nkhani ya kutumiza ndalamayi ine ndili ndi munthu wodalirika, reti yake imaposa ya Mukuru ndi ya kubanki. Mumamupatsa marandi kuno, kumudzi m'bale wanu amalandira makwacha tsiku lomwelo pamanja. Pa K17 miliyoni yotsalayo mupulumutsa zambiri.

Nachisale: Achimwene, mwawerenga zimene ndalemba pamwambapa?

Mnyamata wa ku Cosmo City: Pepani amayi, ndinangoona za kutumiza. Koma nanga munthu ataye ndalama zonsezo pa reti?

Anaphiri: Kusiyana kwa reti kulipo, palibe angakane, ndipo kumawawa. Koma njira imeneyo, kupatula kuti ndi yosaloledwa, sikusiyirani pepala lililonse lokhala ndi dzina lanu. Ndalama ya ndiwo tumizani mmene mukufunira. Ya malo iyende mwa njira yoti patapita zaka khumi mudzathe kutulutsa lisiti lonena kuti inachoka kwa inu tsiku lakuti, inalowa kwa wakuti. Ngati Bambo a Tadala ali ndi akaunti yawoyawo kumudzi, ndalama ilowe mmenemo, kenako ichoke mmenemo kupita ku akaunti ya wogulitsa kapena ku akaunti imene loya amasungiramo ndalama za anthu amene akuwaimira. Isagone m'manja mwa achimwene. Sikuti ndi akuba, koma munthu amene akusunga mamiliyoni a mbale wake ndiye amene aliyense amathamangira pakagwa maliro kapena matenda, ndipo kukana kumamuvuta. Amati ndibwereke pang'ono ndidzabweza. Ndiponso makwacha akangokhala amasungunuka. Amene anali atasungitsa ndalama kumudzi mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa zimene zinachitikira mitengo.

Bambo a Tadala: K5 miliyoni ija mwamwayi ndinatumiza pa Mukuru, mauthenga ake ndili nawo. Koma amayi, ndiye nditani? Ndikane kalata yonse? Nanga andisainira ndani?

Anaphiri: Mauthengawo asungeni, muwajambule, mutumizenso kwa munthu wina kuti foni ikatayika asapite nayo.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti wogula sasaina mapepala ambiri. Kwenikweni ndi agirimenti yogulitsana ndi fomu yosinthira umwini. Zonsezi loya angathe kuzikonza ku Lilongwe, n'kukutumizirani kuno, inu n'kusaina pamaso pa notale, loya amene ali ndi chilolezo chotsimikizira siginecha pa mapepala, n'kuzibweza pa kampani yonyamula makalata. Pa zimenezi kalata ya mphamvu siifunika n'komwe. Achimwene angakhale maso anu ndi miyendo yanu, kukaona malo, kulondola mapepala m'maofesi, popanda kukhala dzanja lanu.

Koma ngati mukufunabe kuwapatsa kalata, ikhale yopapatiza. Itchule nambala ya taitolo ya pulotiyo, dzina la wogulitsa, ndi mtengo umene sayenera kupitirira. Inene kuti malowo alembedwe m'dzina lanu lonse monga lilili pa chiphaso chanu cha unzika. Inene poyera kuti saloledwa kugulitsa, kubwereketsa, kuika pa chikole kapena kupatsira wina mphamvuzo. Ikhale ndi tsiku lothera, mwachitsanzo miyezi 6. Imeneyo imakwana tsamba limodzi.

Za chidindo cha kupolisi, Ankolo mundikhululukire. Chidindo chimenecho chimagwira ntchito pa mapepala a konkuno. Pepala lokagwira ntchito kudziko lina limasainidwa pamaso pa notale, kenako limapita kukhoti lalikulu, ngati lija la mumsewu wa Pritchard m'tauni, kumene amamatapo chitsimikizo chotchedwa apositili. Malawi ndi South Africa onse ali mu mgwirizano wa apositili, ndiye pepala lotero limalandiridwa kwathu. Likafika, ngati malowo ali mu kaundula wa boma, kalatayo nayo imakalembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo, ndipo kumeneko ali ndi fomu yawo ya kalata zimenezi. N'chifukwa chake ndi bwino kuti ailembe loya wa kumudzi amene akudziwa zimene ofesiyo imalandira, inu mungosaina kuno.

Ankolo a ku Mayfair: Amayi, sindikutsutsa sukulu yanu, koma yanga ya kupolisi inagwira ntchito. Palibe anandifunsa za apositili.

Anaphiri: Malo anu a ku Mangochi munagula kudzera kwa amfumu, eti?

Ankolo a ku Mayfair: Eya, kwa amfumu, mboni zinalipo zinayi.

Anaphiri: Ndiye kalata yanu sinafike pa tebulo la munthu amene ntchito yake ndi kuikana. Amfumu anaona chidindo, anakhutira. Ku ofesi ya kaundula n'kosiyana. Ndipo Ankolo, ngati kalata yanu ija inali yotambalala ngati iyi ndipo ikadali kwa amene munamutuma, dziwani kuti ikadali ndi moyo. Kalata ya mphamvu siifa chifukwa choti ntchito yatha, ngati simunalembemo choncho. Imatha mukaithetsa mwa kulemba, kapena mukamwalira. Ndipo ikakhala yolembetsedwa ku kaundula, kuing'amba kapena kumuuza munthuyo pa foni sikukwanira. Mumayenera kudziwitsa ofesi ya kaundula kuti mwaithetsa. Mukapanda kutero, munthu amene wagula kwa wotumidwa wanu mosadziwa kanthu, atalipira ndalama yake, lamulo limaima naye.

Ankolo a ku Mayfair: Ili ndi mphwanga. Ndimufunsa mawa kuti ili pati.

Mbewe: Ine ndilankhuleko mbali ya amene ali kumudzi, chifukwa tikuwanena ngati onse ndi afisi. Pamene ndinkagulira achemwali anga malo aja, ndinayenda miyezi 7. Minibasi ya ku Limbe, minibasi ya m'tauni, kujomba kuntchito, kudikira pa benchi mpaka masana kuti akuuze bwerani Lachiwiri. Achemwali ankatumiza ndalama ya malo yokha, ndendende, ya thiransipoti ayi. Ndikawauza kuti kwafunika ina, ankandifunsa mafunso ngati wapolisi. Ndinapirira chifukwa ndi magazi anga, koma ndikudziwa anzanga amene amangowonjezera pa mtengo kuti abweze zimene awononga. Akuuza kuti malo ndi 22 pamene mwini wake anati 20. Ndiye Bambo a Tadala, achimwene anu muwapatse yawo poyera. Muwauze kuti iyi ndi ya maulendo, iyi ndi yothokoza. Munthu amene wapatsidwa yake sayang'ana ya mwini.

Koma inenso ndikuti mulankhule ndi wogulitsa inu nomwe pa vidiyo, mumve mtengo kuchokera pakamwa pake.

Mayi a Chisomo: A Mbewe mwanena mawu. Komanso ine chikundidetsa nkhawa ndi mmene Bambo a Tadala akawauzire achimwene awo. Munthu anakulera, lero ukumuuza kuti pepala lako sindisaina, ndalemba loya. Kwathu zimenezo zimatha kudula chibale.

Nachisale: Awauze kuti akuteteza alamu ndi ana, kuti mawa pasadzakhale kukangana pakati pa ana a iwo ndi ana a achimwene. Si bodza. Ine ndikanakonda ndikanakangana ndi alongo anga sabata imodzi ali moyo.

Anaphiri: Musanafike n'komwe pa zokambirana zimenezo, pali ntchito imodzi yofunika mawa m'mawa. Mwati malowo ali ndi lizi. Mwaiona?

Bambo a Tadala: Ayi, achimwene ndi amene anaiona.

Anaphiri: Apempheni ajambule tsamba loyamba, pamene pali nambala ya taitolo ndi dzina. Nambala imeneyo mupatse loya amene mwamupeza nokha, osati wa wogulitsa, osatinso amene achimwene akupezerani. Mungafunse ku Malawi Law Society ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chino. Iyeyo akapange setchi ku ofesi ya kaundula wa malo ku Lilongwe. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi K22 miliyoni. Pepala la setchi limaonetsa mwini malo weniweni, kuti lizi inayamba liti ndipo ndi ya zaka zingati, komanso ngati malowo ali pa chikole kubanki kapena wina anaikapo koshoni yoletsa kugulitsa. Satifiketi imene wogulitsa wagwira m'manja ingakhale yakale kapena yopeka. Chimene chimawerengedwa ndi chimene chili m'kaundula.

Setchi ikatuluka bwino, pamatsala chilolezo cha eni nthaka amene anapereka liziyo, kaya ndi Unduna wa za Malo, kaya khonsolo ya mzinda, kaya MHC, bungwe la boma la nyumba lija, chifukwa malo a lizi sasinthidwa umwini popanda iwo kuvomera, ndipo amayamba aona ngati lendi ya nthaka ilibe ngongole. Pamafunikanso kalata ya ku MRA ya za msonkho. Zimenezi zimatenga nthawi, ndiye K17 miliyoni yotsalayo isaperekedwe yonse zisanatheke. Ikhale kwa loya, wogulitsa adziwe kuti ilipo, ailandire akasaina fomu yosinthira umwini.

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndalankhula ndi achimwene usiku, tinatenga ola lathunthu. Poyamba anakhumudwa, anati ndiye ukundiyesa wakuba. Ndinawauza nkhani ya Nachisale osatchula dzina, anakhala chete, kenako anati chabwino. Kalata ija akuti anapatsidwa ndi mnzake wa wogulitsa, iwo sanaiwerenge yonse. Anditumizira chithunzi cha lizi. Koma dzina limene lilipo si la munthu amene tikuchita naye malonda. Ndi la bambo ake. Achimwene akuti mnyamatayo ali ndi kalata ya mphamvu yochokera kwa bambo akewo, anawaonetsa.

Anaphiri: Bambowo ali kuti?

Bambo a Tadala: Ndafunsa. Akuti anamwalira chaka chatha.

Anaphiri: Ndiye imani pomwepo, musatumizenso ngakhale kwacha imodzi. Kalata ya mphamvu imafa pamodzi ndi amene anaipereka. Tsiku limene bambowo anatsikira kulichete, pepala limene mwana wawo wagwiralo linasanduka pepala wamba. Malowo tsopano ndi chuma cha masiye. Amene angagulitse ndi yekhayo amene khoti lamupatsa makalata oyendetsera chuma cha malemu, ndipo iyenso amagulitsa poganizira onse oyenera kulandira, mayi ngati alipo ndi ana onse, kuphatikizapo a kwa mayi wina ngati alipo. Mwina mnyamatayo sakudziwa zimenezi, mwina akudziwa ndipo akuthamangira kugulitsa abale ake asanamve. Kuchokera kuno sitingadziwe.

Loya wanu afunse zinthu ziwiri: ngati makalata a kukhotiwo alipo, ndipo ali m'dzina la ndani. Ngati alipo ndipo ali m'dzina la mnyamatayo, malonda angapitirire, koma alembe agirimenti yatsopano, iye asaine ngati woyendetsa chuma cha malemu, inu mulowe ngati wogula, ndipo ilembe kuti K5 miliyoni inalandiridwa kale kuchokera kwa inu. Achimwene asainenso kapepala kovomereza kuti ndalama ija inali yanu ndipo iwo alibe gawo pa malowo. Ngati makalatawo palibe, kuwatenga si nkhani ya sabata ino.

Mbewe: Koma mwina banja lonse linagwirizana kuti agulitse. Zimachitika, amangotuma mwana wamkulu. Akangosaina onse pa pepala limodzi sizingatheke?

Anaphiri: Kusaina kwa onse kumathandiza kuti mawa wina asadzatsutse, koma sikulowa m'malo mwa makalata a kukhoti. Ku kaundula sangachotse dzina la malemu chifukwa cha pepala la pabanja. Mungalipire, mungalowe, mungamange, dzina lidzakhalabe la munthu amene ali kumanda, ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa kapena kusiyira Tadala mudzayamba kusakasaka ana a eni ake mmodzimmodzi.

Mnyamata wa ku Cosmo City: Ndiye K5 miliyoni yapita?

Anaphiri: Sindinganene kuti yapita. Zitengera zimene analemba pa pepala la dipoziti, ngati ananenapo za kubweza malonda akalephereka, komanso ngati mnyamatayo ndalamayo akadali nayo. Ndipo pakali pano amene angaiitanitse mosavuta ndi achimwene, chifukwa dzina lili pamenepo ndi lawo. Loya aonenso ngati n'kotheka kuikapo koshoni pa taitoloyo kuti malowo asasinthidwe mwakachetechete pamene nkhaniyi ikukambidwa. Pamenepo ndisalonjeze, chifukwa amene munapangana naye sindiye mwini wolembedwa.

Ankolo a ku Mayfair: Ine ndikanati achimwene anu apite ndi akuluakulu awiri kukakhala pansi ndi banjalo, asanalowetse maloya. Maloya akalowa anthu amauma mtima. Mayi a mnyamatayo ngati ali moyo ndi amene anganene zoona.

Nachisale: Apite, koma asakalonjeze kanthu kumeneko ndipo asakasainenso pepala lina.

Bambo a Tadala: Mayi ake alipo, akuti amakhala ku Dowa. Achimwene akuti apita Loweruka ndi atsibweni athu. Ine pa basi ya Lachisanu sinditumiza kanthu. Amayi Anaphiri, pepala la dipoziti lija ndi lolemba pamanja, mizere 8 yokha, za kubweza sindikuonapo. Ndakutumizirani kumbali, mundionereko ngati pali mawu amene ndawaphonya.

Anaphiri: Ndaliona. Za kubweza mulibedi, koma muli siginecha ya mboni ziwiri ndi nambala ya chiphaso cha mnyamatayo, zimenezo n'zothandiza. Achimwene asapereke pepala lenilenilo kwa aliyense Loweruka, atenge fotokope. Ndipo akafunse mayiwo kuti malemu anasiya ana angati.